Kudziwa ngati fomu ya masamu singatsike pansi pa ziro: maaigenivalyu ndi lamulo la Sylvester

Taonani chiwerengero ichi: x² + 4xy + y². Mulibe chizindikiro chochotsera paliponse, ndipo ambiri atachiona angalumbire kuti yankho lake lidzakhala loposa ziro nthawi zonse. Yesani x = 1 ndi y = 1, mupeza 6. Yesani x = 2 ndi y = 3, mupeza 37. Koma mukaika x = 1 ndi y = −1 mupeza 1 − 4 + 1, yomwe ndi −2. Tsopano onani china: 2x² − 2xy + 2y². Ichi chili ndi chizindikiro chochotsera poonekera, koma mungachiyese ndi manambala mpaka dzuwa kulowa, sichidzatsika pansi pa ziro. Maso paokha sangaweruze mlandu umenewu, ndipo kuyesa manambala mmodzimmodzi sikungauthetse chifukwa manambala alibe malire. Pakufunika njira yopereka chigamulo kamodzi n'kamodzi.

Chiwerengero chotere, chomwe gawo lake lililonse ndi chilembo chochulukitsidwa ndi icho chomwe, monga x², kapena zilembo ziwiri zochulukitsana, monga xy, akatswiri a masamu amachitcha kwadiratiki fomu. Zilembo zonse zikakhala ziro, fomu nayo imakhala ziro. Funso ndi lakuti kwina konseko imatani. Ngati yankho ndi loposa ziro pa manambala ena onse, fomuyo amati ndi pozitivi definiti. Mutaijambula imaoneka ngati mbale: pansi pake ndi pamodzi pokha, ndipo ndimu woikidwa m'mphepete amagubudukira pamenepo n'kukhazikika. Fomu ya x² + 4xy + y² si mbale. Mbali ina imakwera, mbali ina imatsetsereka, ndipo ndimu uja angagwere kunja.

Tingolo titatu ndi masipuling'i anayi

Nkhaniyi imamveka bwino tikaigwirizanitsa ndi chinthu chogwirika. Tiyerekeze tingolo titatu tili pamzere umodzi pakati pa makoma awiri. Sipuling'i yoyamba yalumikiza khoma lakumanzere ndi kangolo koyamba, yachiwiri yalumikiza koyamba ndi kachiwiri, yachitatu kachiwiri ndi kachitatu, ndipo yachinayi yamangirira kachitatu kukhoma lakumanja. Masipuling'i onse ndi olimba mofanana. Tinene kuti kangolo koyamba kasuntha mtunda x kuchoka pomwe kanali, kachiwiri y, kachitatu z. Kusunthira kumanja tikulemba nambala yoposa ziro, kumanzere yochepera ziro.

Mphamvu yosungidwa mu sipuling'i imayenderana ndi sikweya ya kutamuka kapena kufinyika kwake. Tikaphatikiza masipuling'i anayi onse, ndipo tikasiya kaye theka lomwe a fizikisi amaika kutsogolo, timapeza fomu iyi:

Q = 2x² + 2y² + 2z² − 2xy − 2yz

Ngati Q ndi pozitivi definiti, ndiye kuti palibe kasunthidwe kalikonse ka tingoloti kaulere. Kulikonse komwe mungatikankhire mukuunjika mphamvu m'masipuling'i, ndipo mukasiya, tidzakokedwa kubwerera m'malo mwake. Funso lomweli ndi lomwe mainjiniya amafunsa za mlatho kapena denga lachitsulo, kungoti kumeneko zilembo zimakhala masauzande.

Kusandutsa fomu kukhala matiriki

Njira ziwiri zonse zimayamba ndi kuika manambala a fomu m'bokosi la mizere lotchedwa matiriki. Manambala a x², y² ndi z² amakhala pa dayagonolo, mzere wochokera pangodya ya pamwamba kumanzere kutsikira pangodya ya m'munsi kumanja. Nambala ya xy imagawidwa pawiri: theka pamwamba pa dayagonolo, theka m'munsi mwake. Chimodzimodzi ya yz. Popeza mu fomu yathu mulibe xz, malo ake timaikamo ziro.

```
A =   2  -1   0
     -1   2  -1
      0  -1   2
```

Kugawa pawiriko ndiye maziko a zonse. Kumapangitsa kuti mbali ya pamwamba pa dayagonolo ifanane ndendende ndi ya m'munsi, ndipo matiriki yotere imatchedwa simetiriki. Malamulo onse omwe akubwerawa amagwira ntchito pa matiriki ya simetiriki yokha.

Njira yoyamba: maaigenivalyu

Chomwe chimasokoneza maso pa fomu ndi magawo osakaniza monga xy. Akanakhala kulibe, ntchito ikanaphweka. Aliyense angaone kuti 3u² + 5v² singatsike pansi pa ziro, komanso kuti 3u² − v² ingatsike. Mu 1829 katswiri wa ku France, Augustin-Louis Cauchy, anatsimikizira mfundo yomwe njirayi yatsamirapo, yakuti maaigenivalyu a matiriki ya simetiriki ndi manambala enieni onse. Chotsatira chake n'chakuti fomu iliyonse ingathe kutembenuzidwa, ngati munthu wangosintha mbali yoimirira poiyang'ana, mpaka magawo osakaniza atatha n'kutsala masikweya okhaokha. Manambala otsala kutsogolo kwa masikweyawo ndiwo maaigenivalyu. Lamulo lake ndi lalifupi: fomu ndi pozitivi definiti ngati maaigenivalyu onse ali oposa ziro, ndipo ngati imodzi yokha ili ziro kapena yochepera ziro, fomuyo yalephera.

Powapeza timachotsa nambala yosadziwika, yolembedwa λ, pa nambala iliyonse ya padayagonolo, kenako n'kufunsa kuti ndi λ iti yomwe ikuchititsa ditaminanti kukhala ziro. Pa matiriki ya mizere iwiri, ditaminanti ndi yomwe timaphunzira ku sekondale: chulukitsani manambala awiri a padayagonolo, muchotsepo zomwe mwapeza pochulukitsa awiri enawo.

Fomu ija ya x² + 4xy + y² ili ndi 1 ndi 1 padayagonolo, ndi 2 m'mbali zonse ziwiri. Choncho (1 − λ)² − 4 = 0, ndipo λ ndi 3 kapena −1. Nayo −1 yomwe imabisala ija. Fomuyi ingalembedwenso 1.5(x + y)² − 0.5(x − y)², ndipo apa zikuonekeratu kuti x + y ikakhala ziro gawo lokwera limafa n'kutsala lotsika lokha. Ndiye chifukwa chake x = 1 ndi y = −1 inatigwetsa.

Pa tingolo tathu masamu ake amatha motere:

(2 − λ)[(2 − λ)² − 2] = 0

Mayankho ndi 2 − √2, 2 ndi 2 + √2, kapena kuti pafupifupi 0.586, 2 ndi 3.414. Onse atatu ndi oposa ziro, choncho Q ndi pozitivi definiti. Pali njira yachangu yodziyesera ngati simunalakwitse. Maaigenivalyu akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi manambala a padayagonolo ataphatikizidwa, ndipo apa mbali zonse zikupereka 6. Akachulukitsidwa ayenera kupereka ditaminanti ya matiriki yonse, ndipo apa akupereka 4.

Manambala atatuwa akunena zambiri kuposa inde kapena ayi. Aigenivalyu iliyonse ili ndi kasunthidwe kakekake. Yaing'ono, 0.586, ndi ya pomwe tingolo tonse tikulowera mbali imodzi, kapakati katasuntha kwambiri kuposa tinzake. Uku ndiye kusuntha kofewa, chifukwa masipuling'i awiri apakati sakuvutika kwenikweni. Ya 2 ndi ya pomwe kapakati kaima, pomwe tam'mbali tikuyandikirana kapena kutalikirana. Yaikulu, 3.414, ndi ya pomwe kapakati kakulimbana ndi tinzake tiwiri, ndipo uku ndiye kusuntha kouma koposa. Injiniya amayang'anitsitsa yaing'ono ija chifukwa ndiyo ikuloza pomwe chomangidwacho chili chofooka.

Njira yachiwiri: maditaminanti a pangodya

Vuto la maaigenivalyu ndi lakuti kuwapeza pamanja ndi ntchito. Zilembo zitatu zimabala ikweshoni ya pawa 3, ndipo yathuyi yangotichitira chifundo pogawika mosavuta. Zilembo zisanu zimabala ya pawa 5, ndipo Niels Henrik Abel anaonetsa mu 1824 kuti ikweshoni yotere ilibe fomula imodzi ya maruti yoithetsera nthawi zonse. Apa ndi pomwe pamalowa lamulo lodziwika ndi dzina la James Joseph Sylvester, Mngelezi wobadwa mu 1814 n'kumwalira mu 1897, yemwenso anayambitsa dzina la matiriki m'masamu mu 1850.

Imani pangodya ya pamwamba kumanzere kwa matiriki. Tengani nambala yoyamba yokha. Kenako tengani kabokosi ka mizere iwiri ndi makolamu awiri koyambira pangodya yomweyo. Kenako ka mizere itatu, mpaka mutatenga matiriki yonse. Pezani ditaminanti ya kabokosi kalikonse. Manambala amenewa mabuku amawatcha malidingi maina, koma pano tiziti maditaminanti a pangodya. Lamulo la Sylvester likuti fomu ndi pozitivi definiti ngati onsewo ali oposa ziro, ndipo wina akapanda kutero, fomuyo si pozitivi definiti.

Pa tingolo tathu, woyamba ndi 2. Wachiwiri ndi 2 × 2 − (−1) × (−1), yomwe ndi 3. Wachitatu, wa matiriki yonse, ndi 2 × 3 − 2, yomwe ndi 4, mogwirizana ndi zomwe maaigenivalyu anatipatsa atachulukitsidwa. Tapeza 2, 3, 4, onse oposa ziro. Chigamulo ndi chomwe chija, koma popanda ikweshoni yothetsa kapena √2 yolimbana nayo.

Chifukwa chomwe lamuloli limagwirira ntchito chili mu luso lomwe ophunzira a sekondale amalidziwa kale, lomalizitsa sikweya. Sonkhanitsani magawo onse okhala ndi x muwapange sikweya imodzi, kenako otsala okhala ndi y, kenako z. Fomu yathu imasanduka:

Q = 2(x − y/2)² + (3/2)(y − 2z/3)² + (4/3)z²

Yang'anani manambala a kutsogolo kwa masikweya: 2, 3/2 ndi 4/3. Woyamba ndi ditaminanti yoyamba. Wachiwiri ndi ditaminanti yachiwiri yogawidwa ndi yoyamba. Wachitatu ndi yachitatu yogawidwa ndi yachiwiri. Izi sizinangochitika mwamwayi, zimatero pa fomu iliyonse bola maditaminanti oyambirirawo asakhale ziro. Ngati maditaminanti onse ali oposa ziro, manambala a kutsogolowa nawonso ndi oposa ziro, ndipo masikweya ophatikizana motere sangatsike pansi pa ziro. Kuti Q ikhale ziro payenera kuti z ikhale ziro, zomwe zikukakamiza y kukhala ziro, kenako x. Manambala 2, 3/2 ndi 4/3 si maaigenivalyu, koma zizindikiro zawo zimagwirizana. Sylvester anasindikiza mu 1852 mfundo yakuti ngakhale mutaisandutsa fomu kukhala masikweya m'njira zosiyanasiyana, kuchuluka kwa masikweya ophatikiza ndi ochotsera sikusintha.

Tikamasula makoma

Tichotse tsopano sipuling'i ya kukhoma lakumanzere, ndipo ya kumanja tiisinthe ndi ina yomwe kulimba kwake ndi k. Fomu ikhala (x − y)² + (y − z)² + kz², ndipo matiriki yake ndi iyi:

```
B =   1  -1    0
     -1   2   -1
      0  -1   1+k
```

Maditaminanti a pangodya ndi 1, 1 ndi k. Yankho latuluka nthawi yomweyo: tingolo tikhazikika malinga ngati k ndi yoposa ziro. Sipuling'i imodzi yokha yomangirira kukhoma, ngakhale yofewa bwanji, ndi yokwanira. Pa mafunso okhala ndi chilembo chosadziwika ngati k, lamulo la Sylvester limapambana kutali, chifukwa kufufuza maaigenivalyu k ali momwemo n'kudzipatsa mutu waching'alang'ala.

Nanga k ikakhala ziro? Maditaminanti ndi 1, 1, 0, ndipo maaigenivalyu ndi 0, 1 ndi 3. Fomu singatsike pansi pa ziro popeza ndi masikweya awiri ophatikizana, koma imakhala ziro pomwe x, y ndi z zili zofanana. Tanthauzo lake ndi looneka ndi maso: tingolo tosamangirira kukhoma tingathe kuyenda tonse pamodzi popanda sipuling'i iliyonse kutamuka. Fomu yotere amati ndi pozitivi semidefiniti. Mu pulogalamu ya injiniya, aigenivalyu ya ziro kawirikawiri imaulula kuti wina waiwala kuuza kompyuta pomwe chomangidwacho chazikika pansi.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi kuiwala kugawa pawiri. Wina alemba x² + 4xy + y² ndi 4 yense pamwamba pa dayagonolo ndi ziro m'munsi. Maditaminanti a pangodya atuluka 1 ndi 1. Maaigenivalyu atulukanso 1 ndi 1. Njira zonse ziwiri zivomerezana kuti fomuyo ndi pozitivi definiti, chikhalirecho tinaona ndi maso athu ikupereka −2. Msampha uwu ndi woopsa chifukwa kuyesa njira ina ndi inzake sikuuulula. Musanawerenge chilichonse, onani kaye ngati mbali ziwiri za dayagonolo zikufanana.

Wachiwiri ndi kungoyang'ana ditaminanti yomaliza. Fomu ya −x² − y² ili ndi −1 ndi −1 padayagonolo, ndipo ditaminanti yake ndi 1, yoposa ziro. Koma fomuyi ndi yochepera ziro paliponse. Maaigenivalyu awiri ochepera ziro akachulukitsana amabisana. Ditaminanti yoyamba, −1, ndiyo ikanaulula. Apa mpomwenso pamachokera lamulo la fomu yotsika mbali zonse, yotchedwa negetivi definiti: maditaminanti ake sakhala onse ochepera ziro, koma amasinthanasinthana, woyamba wochepera ziro, wachiwiri woposa ziro, wachitatu wochepera ziro.

Wachitatu ndi womwe umakola ngakhale ophunzira akhama a ku yunivesite. Popeza maditaminanti oposa ziro amatanthauza pozitivi definiti, munthu amaganiza kuti akakhala ziro kapena oposa ziro ndiye kuti fomu ndi pozitivi semidefiniti. Si choncho. Tengani fomu ya −y² m'zilembo ziwiri, x ndi y. Matiriki yake ili ndi 0 ndi −1 padayagonolo, ndi ziro m'mbali. Maditaminanti a pangodya ndi 0 ndi 0, palibe wochepera ziro, koma fomuyo ikupereka −1 pa y = 1. Ziro ikangotuluka pa maditaminanti a pangodya, lamulo la Sylvester limakhala lakuuzani chinthu chimodzi chokha, chakuti fomu si definiti. Kuti mudziwe ngati ndi semidefiniti muyenera kuyesa timabokosi tonse tomwe timatsala mukafufuta mizere ndi makolamu a nambala zofanana, osati ta pangodya tokha. Pa zilembo zitatu timabokosi totere ndi 7, pa zilembo 10 ndi 1,023. Pamenepo n'kwabwino kungopita ku maaigenivalyu.

Momwe kompyuta imachitira

Matiriki ikakula, palibe amene amawerenga maditaminanti mmodzimmodzi. Kukula kwa ditaminanti kumanamizanso. Matiriki ya mizere 10 yokhala ndi 0.1 padayagonolo ponse ndi ziro kwina konse ndi pozitivi definiti popanda chikaiko, koma ditaminanti yake ndi 0.0000000001, nambala yomwe wina angaiyese ziro. Mapulogalamu amagwiritsa ntchito njira ya André-Louis Cholesky, msilikali wa ku France woyeza malo ndi kujambula mapu, yemwe anafera kunkhondo mu 1918. Njira yake inasindikizidwa mu 1924 iye atamwalira kale. Kwenikweni ndi kumalizitsa sikweya komwe kuja, chilembo chimodzi pa nthawi, ndipo pa sitepe iliyonse pamafunika sikweya ruti ya nambala ya kutsogolo. Nambalayo ikakhala ziro kapena yochepera ziro, ntchito imaima. Ikafika kumapeto, matiriki ndi pozitivi definiti. Mu Python zimalembedwa motere:

```python
import numpy as np
A = np.array([[2, -1, 0], [-1, 2, -1], [0, -1, 2]])
print(np.linalg.eigvalsh(A))
print(np.linalg.cholesky(A))
```

Mzere wachitatu umatulutsa maaigenivalyu atatu aja. Wachinayi umatulutsa matiriki ina ngati zonse zili bwino, apo ayi umaima ndi uthenga wa LinAlgError. Dziwani kuti malamulo awiriwa amangowerenga dayagonolo ndi mbali ya m'munsi mwake, sayesa ngati matiriki ndi simetiriki, choncho msampha woyamba uja ulipobe ngakhale pakompyuta.

Palinso malire ena. Kompyuta imadula manambala ataliatali, choncho aigenivalyu yomwe ndi ziro ndendende ingaoneke ngati kanambala kakang'ono kwambiri, nthawi zina koposa ziro, nthawi zina kochepera. Odziwa ntchito amayerekeza aigenivalyu yaing'ono ndi yaikulu asanakhulupirire chizindikiro chake. Taonani matiriki B pomwe k ndi 0.001. Maditaminanti ndi 1, 1 ndi 0.001, ndipo lamulo la Sylvester likuvomera popanda kuwiringula. Koma aigenivalyu yaing'ono ili pafupifupi 0.00033 pomwe yaikulu ili pafupifupi 3. Pamasamu tingolo takhazikika, koma kukankha pang'ono chabe kungatisunthe mtunda wautali.

Choncho ngati muli ndi pepala ndi pensulo, zilembo ziwiri, zitatu kapena zinayi, kapenanso chilembo chosadziwika m'kati mwa matiriki, yambani ndi maditaminanti a pangodya, ndipo muime pa woyamba yemwe sali woposa ziro. Ziro ikatuluka, kapena mukafuna kudziwa mbali yofooka ndi kufooka kwake, pezani maaigenivalyu. Njira iliyonse yomwe mwasankha, gawani kaye nambala ya xy pawiri musanalembe matiriki.